Mphindi 20 za liwiro zinandikhazika pansi miyezi iwiri

Ndinayamba zochepetsa thupi ndili ndi zaka 38, ndikulemera makilogalamu 94, pomwe msinkhu wanga ndi mamita 1.72 okha. Ntchito yanga ndi ya padesiki ku Lilongwe, ndipo chisiyireni mpira ndili mnyamata, thukuta lomwe thupi langa linkadziwa linali la m'minibasi basi. Mimba sinkandidandaulitsa kwenikweni, paja kwathu kuno ukatuluka mimba anthu amati zikuyenda. Amene anandidzidzimutsa ndi namwino wina yemwe anabwera kudzatiyeza kuntchito. Atandiyeza kuthamanga kwa magazi anapeza 146/92, nabwerezanso, kenako anati, "Bambo, mankhwala sitikuyambitsani lero, koma thupili lichepe ndipo mukayezetsenso kuchipatala." Madzulo ake ndinatenga tepi ya mayi akunyumba yosokera ija n'kuyeza pamchombo. Inakwana masentimita 106.

Vuto langa linali nthawi. Ndimadzuka 5 koloko, kuperekeza ana, kulimbana ndi mzere wa magalimoto, kuweruka dzuwa litapendeka kale. Ndiye mnzanga wa kuntchito, mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene sajomba ku jimu, atamva dandaulo langa anaseka. "Akulu, zoyenda ola lathunthu ndi za agogo. Lembani HIIT pa YouTube muone. Mphindi 20 zokha, mafuta amapitiriza kupsa ngakhale mutagona." Ndinalembadi, ndipo mavidiyo onse ankanena zofanana. Umathamanga ndi mphamvu zako zonse kwa kanthawi kochepa, kupuma pang'ono, kuthamanganso, mpaka kumaliza. Njira inayo, yoyenda ndawala kapena kuthamanga pang'onopang'ono osasintha liwiro kwa mphindi 40 kapena ola, ankainena ngati yotayitsa nthawi. Kwa munthu wopanikizika ngati ine, mawuwo anali okoma kwambiri.

Pafupi ndi kwathu pali bwalo la mpira la pasukulu, lopanda udzu, dothi lake louma gwa. Munali mu Seputembala. Dongosolo langa linali lothamanga kuchokera pagolo ili kukafika pagolo linalo, pafupifupi mamita 100, ndi liwiro lonse, kenako kubwerera choyenda, maulendo khumi. Ndinkachita zimenezi masiku asanu pa sabata, nditavala nsapato za pakaunjika zomwe pansi pake panali patatha kale. Zotenthetsa thupi ndisanayambe zinali zongoyerekeza, kugwedeza miyendo kawiri katatu basi, chifukwa ndinkaona ngati zikundidyera mphindi zanga 20 zija.

Masabata oyambirira ndinasangalala, sindiname. Tsiku loyamba ndinalephera kumaliza, ndinakhala pansi mutu ukuzungulira, m'kamwa mukumveka ngati chitsulo. Koma pofika sabata yachitatu ndinkamaliza maulendo onse khumi, ndipo masitepe a kuntchito ndinkakwera osapuma wefuwefu. Apa njira ya liwiroyi siinama ayi, mtima ndi mapapo zimalimba msanga zedi. Sikelo nayo inatsika kufika 92.5. Ndinkayenda modzimva, mpaka kumalangiza anzanga.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ziwalo za thupi sizilimba pa nthawi imodzi. Mtima ndi mapapo zimasintha m'masabata ochepa, koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimafuna miyezi. Ndiye pamafika nthawi yoti mpweya ukukulola kuthamanga kwambiri pomwe miyendo sinakonzeke kunyamula katunduyo. Pothamanga, phazi lililonse likamatera pansi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lako kawiri kapena katatu, pomwe poyenda imangopitirira pang'ono kulemera kwako. Kwa ine wa makilogalamu 94, pa dothi louma la mwezi wa Okutobala, mwendo uliwonse unkamenyedwa ndi makilogalamu oposa 200 pa sitepe iliyonse, tsiku ndi tsiku, popanda mpata wochira.

Zizindikiro zinalipo, kungoti sindinkadziwa kuziwerenga. Tulo tinayamba kuvuta. Ndinkathamanga madzulo cha m'ma 6, ndiye pofika 11 koloko usiku thupi linali likadali lotentha, mtima ukumveka m'khutu pa pilo. M'mawa ndinkadzuka wotopa kuposa mmene ndagonera. Pabwalo paja, mtunda womwe ndinkautha m'masekondi 19 unayamba kunditengera 22 kapena 23 ngakhale ndinkalimbikira chimodzimodzi. Kunyumba ndinasanduka wa mkwiyo, ana akangosokosa pang'ono ndayamba kale kukalipa. Tsiku lina mayi akunyumba anandiuza mosabisa kuti, "Abambo, mafizo anuwa akutiwawa ndi ife tomwe."

Panalinso zinthu ziwiri zomwe zinkadya phindu langa mwakachetechete. Choyamba chinali njala. Ena amati akathamanga kwambiri chilakolako cha chakudya chimatha kwa kanthawi, ndipo inenso ola loyamba sindinkafuna kanthu, koma ikakwana nthawi ya mgonero ndinkadya mitanda itatu ya nsima n'kumayang'anabe m'mbale. Pobwerera kuchokera kubwalo ndinkaima pa okala kugula botolo la zoziziritsa kukhosi, mumtima ndikuti ndaligwirira ntchito. Chachiwiri chinali ulesi wa tsiku lotsatira. Kamtunda kochoka pa siteji kukafika kuofesi, komwe kale ndinkayenda wapansi, ndinayamba kukwerera kabaza chifukwa ntchafu zinkawawa. Loweruka ndinkangogona pampando tsiku lonse. Sikelo inaima pa 92.5 osasunthanso.

Kenako msongolo wakumanja unayamba kuwawa, chamkati, kumunsi cha kufupi ndi kakolo. Poyamba unkawawa ndikangoyamba kuthamanga, n'kusiya thupi likatentha, ndiye ndinkati ndi zazing'ono. Patapita masiku unayamba kuwawa mpaka pomaliza, kenako ngakhale poyenda. Ndinagula mapilisi opha ululu pagolosale n'kumamwa ndisanapite kubwalo. Musachite zimenezi. Ululu ndi umene ukanandiuza kuti ndiime, ndipo ine ndinautseka pakamwa n'kupitiriza kumenyetsa fupa pansi kwa masabata ena awiri. Komanso mapilisi a mtundu wa ibupulofeni, ukamamwa uku ukutaya madzi ambiri m'thukuta nthawi yotentha, amalemetsa impso.

Tsiku lomwe zinathera, ndinali pa ulendo wachinayi pamene ndinamva ngati wina wandibaya ndi msomali pafupa. Ndinabwerera kunyumba motsimphina, ndipo usiku umenewo mwendo unkawawa ndili chigonere, osaugwiritsa ntchito n'komwe. Apa mantha anandigwira.

Kuchipatala anandijambula ekisirei ndipo sinaonetse kanthu. Ndinatsala pang'ono kusangalala, koma dokotala anandiuza kuti mng'alu waung'ono wobwera chifukwa chopanikiza fupa nthawi zambiri suoneka pa ekisirei m'masabata awiri kapena atatu oyamba, choncho chithunzi choyera sichitanthauza kuti mwendo uli bwino. Ananditumiza kwa a fiziyo, akatswiri othandiza ziwalo zovulala kuti zichire kudzera m'mafizo. Kudikira tsiku loonana nawo kunanditengera sabata ina yathunthu.

Mayi amene anandiona kumeneko anachita chinthu chomwe aliyense angathe kuchita kunyumba. Anayendetsa chala m'mphepete mwa fupa la msongolo, chamkati, kuchokera kumunsi kukwera m'mwamba, akudina pang'onopang'ono. Anandifotokozera kuti ululu ukakhala wofalikira pa dera lalitali, ngati masentimita asanu kapena kuposerapo, kawirikawiri limakhala vuto lodziwika la othamanga oyamba kumene, lomwe limatha ukachepetsa katundu. Koma ukakhala pa malo amodzi oti ungaloze ndi chala chimodzi, n'kumawawanso usiku kapena podumpha ndi mwendo umodziwo, amaopa kuti fupa layamba kung'aluka. Ine ndinali ndi zonse ziwiri, ululu wofalikira komanso kamalo kamodzi komwe atadina ndinakuwa. Atandiuza kuti ndidumphe ndi mwendo wakumanja, ndinangoyesa kamodzi n'kugwira khoma.

"Bambo, kuthamanga muiwale kaye kwa masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu," anatero. Atamva dongosolo langa anagwedeza mutu. "Masiku asanu pa sabata? Ngakhale akatswiri othamanga sachita zimenezo. Iwo masiku ambiri amathamanga mofatsa, za liwirozo kawiri kapena katatu basi. Inu mwayambira pomwe anzanu amathera."

Za ndalama ndinene mosabisa. Kuonana ndi dokotala, ekisirei, maulendo a kwa a fiziyo, makabaza ndi mataksi chifukwa sindinkatha kuyenda mtunda, kuphatikizapo nsapato zina zomwe ndinagula pambuyo pake, zonse pamodzi zinadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anga a mwezi. Koma chinandiwawa kwambiri ndi sikelo. Kudya ndinapitiriza monga munthu wothamanga pomwe ndinali chikhalire, ndiye pofika Khirisimasi ndinali pa makilogalamu 95, kuposa pomwe ndinayambira. Manyazi anandigwira pokumana ndi anzanga aja ndinkawalangiza, ndipo kwa masabata angapo ndinangozitaya zonse.

Ndili chikhalire chomwecho m'pamene ndinachita masamu omwe bwenzi nditachita pa tsiku loyamba. Pali kawerengedwe kosavuta komwe akatswiri a masewera amagwiritsa ntchito poyerekeza makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu yomwe thupi limapeza mu chakudya n'kumawotcha: munthu akathamanga kilomita imodzi amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo akayenda amawotcha chocheperapo, mwina magawo asanu ndi awiri mwa khumi a zimenezo. Maulendo anga khumi aja anali kilomita imodzi yothamanga ndi kilomita imodzi yoyenda pobwerera. Ngakhale nditaonjezerapo chifukwa cha mphamvu yonyamukira mwa liwiro, zonse zinkakwana makalori 200 kapena kuchepera. Nanga kupsa kwa mafuta uli mtulo kuja? Kulipodi, thupi limapitiriza kugwiritsa ntchito mpweya wambiri kwa maola angapo likamabwerera m'chimake, koma ofufuza anapeza kuti kumangoonjezera maperesenti 6 mpaka 15 a zomwe wawotcha pa masewerawo. Kwa ine amenewo ndi makalori 30 ndikawerenga mokomera. Botolo la mamililita 300 lomwe ndinkamwa pa okala lija lili ndi makalori oposa 120, ndipo mtanda wachitatu wa nsima unkamaliza zotsalazo.

Tsopano yerekezani ndi kuyenda ndawala makilomita asanu, zomwe zimanditengera mphindi 50 mpaka 55. Pa thupi la makilogalamu 94 amenewo ndi makalori pafupifupi 330. Pa mphindi iliyonse, liwiro limawotcha zambiri, palibe kutsutsa. Koma mphindi zenizeni zothamanga mwa liwiro pa dongosolo langa zinali zosakwana zinayi, zina zonsezo ndinali kuyenda ndi kupuma. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Ndiye masiku asanu a liwiro, makalori 230 pa tsiku, akanandichotsera kilogalamu imodzi pa masabata pafupifupi asanu ndi awiri, pokhapokha kadyedwe kakanapanda kusintha. Masiku asanu oyenda ndawala akanachita zomwezo pa masabata osakwana asanu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo thupi la munthu silitsata masamu ndendende, koma anandionetsa kuti njira zonse ziwiri n'zochedwa pazokha, ndipo yanga ija sinali yachangu monga ndinkaganizira.

Ndinapezanso komwe kunachokera njira ya masewera a liwiro a mphindi zinayi zokha yomwe mavidiyo ambiri amaitchula kuti Tabata. Ndi dzina la wofufuza wa ku Japan, Izumi Tabata, yemwe mu 1996 anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa masabata asanu ndi limodzi. Anthu ake ankapalasa njinga yoima malo amodzi kwa masekondi 20 ndi mphamvu yoopsa, kupuma masekondi 10, maulendo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Anali anyamata ozolowera kale masewera, anali panjinga pomwe mwendo sumenya pansi, ndipo chomwe ankayeza chinali kulimba kwa thupi pogwiritsa ntchito mpweya ndi mphamvu, osati kuchepa kwa mafuta. Ine ndinatenga chinthu chopangidwira anthu otere n'kuchipititsa pa dothi louma ndi chimimba changa.

Pa nkhani ya mafuta yeniyeniyo, mu 2017 ofufuza a ku Sydney, m'dziko la Australia, anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana woyerekeza njira ziwirizi pa anthu onenepa. Anapeza kuti mafuta ndi chiuno zinkachepa mofanana mbali zonse ziwiri, kungoti a liwiro ankathera nthawi yocheperapo ndi maperesenti pafupifupi 40. Choncho mnzanga uja sananame zonse, nthawi imapulumukadi. Koma si kuti liwiro lili ndi matsenga osungunula mafuta, ndipo anthu a mu kafukufuku wotere amakhala ndi owayang'anira, amatenthetsa thupi mokwanira, ndiponso ambiri amachita katatu pa sabata, osati kasanu. Nawonso amene amati kuyenda pang'onopang'ono n'kumene kumawotcha mafuta enieni amangonena mbali imodzi. N'zoona kuti pa liwiro lochepa thupi limatenga gawo lalikulu la mphamvu kuchokera ku mafuta, koma chomwe chimachepetsa mimba ndi kusiyana kwa zomwe wadya ndi zomwe wawotcha pa masabata ambiri, osati komwe thupi latenga mphamvu pa ola limenelo.

Ngakhale nkhani ya nthawiyo, nditaiwerenga bwino, inasintha nkhope. Mphindi 20 za liwiro zochitidwa moyenera zimafuna mphindi khumi zotenthetsa thupi poyamba ndi zisanu zoziziritsa pomaliza. Onjezanipo kusintha zovala, kupita kubwalo, kubwerako, kukhala pansi kudikira thukuta lileke, ndi kusamba. Ola limakwana. Ndiye pali mtengo wa mawa lake, kutopa kuja, komwe sikuoneka pa wotchi. Kwa ine liwiro la tsiku ndi tsiku linali ngati ngongole ya katapila: mphindi 30 zomwe ndinkapulumutsa madzulo aliwonse ndinadzazibweza ndi miyezi iwiri.

Kubwerera kwanga kunayamba ndi njinga ya mlamu wanga. A fiziyo anandilola kupalasa chifukwa sikumenyetsa fupa pansi, bola ngati sikuwawa. Ndinkapalasa mphindi 30 mofatsa, katatu pa sabata. Anandipatsanso zolimbitsa akatumba: kuima ndi zala pa sitepe ya pakhonde, kukweza zidendene m'mwamba, kutsitsa pang'onopang'ono, maulendo 15, kupuma, kubwereza katatu. Poyamba ndi miyendo yonse iwiri, kenako umodziumodzi. Lamulo lawo linali lakuti ndisayese kuthamanga mpaka nditatha kuyenda ndawala mphindi 30 popanda ululu, komanso kudumpha ndi mwendo wodwalawo osamva kanthu.

Kuyenda ndinakupezera malo mkati mwa ulendo womwe ndinkayenda kale. Poweruka ndimatsika minibasi patatsala makilomita anayi kapena asanu kuti ndifike kunyumba, nsapato zoyendera ndimasunga m'chikwama. Pa nthawi ya mzere wa magalimoto, kamtunda kameneko minibasi imathapo mphindi 20 kapena kuposa, ndiye kuyenda kwa mphindi 50 kumangondidyera theka la ola lenileni, ndipo ndalama ya ulendo imatsikako. Sindifunika tsiku lopuma pambuyo pake. Mawa lake ndimayendanso, tulo timabwera bwino, njala siikhala yolusa. Kuipa kwake kulipo: kumatopetsa m'maganizo, fumbi la m'mphepete mwa msewu limalowa m'maso, mvula ya Januwale ndi Febuluwale inandijombetsa masiku ambiri, ndipo mu Juni kumada msanga moti umayenda ukuyang'ana kumbuyo. Komanso mawotchi a anthu ena sangalole ola loterolo, ndikudziwa.

Kuti ndidziwe ngati ndikuyenda pa liwiro loyenera, ndimagwiritsa ntchito pakamwa. Ngati ndikutha kulankhula chiganizo chathunthu koma kuimba kukukanika, ndili pabwino. Ngati ndikutha kuimba nyimbo ya kwaya bwinobwino, ndiye kuti ndikungoyenda ngati ndikupita kumsika, ndionjezere. Amene amakonda manambala angachotse zaka zawo pa 220 kuti ayerekeze kugunda kwa mtima kwapamwamba kwambiri. Kwa ine ndi 182, ngakhale kawerengedweka kamatha kuphonya ndi 10 kapena kuposa kwa munthu wina. Poyenda ndawala ndimafuna ndikhale pakati pa 120 ndi 135 pa mphindi. Wotchi yodula siifunika, ndimangoika zala ziwiri pakhosi, kuwerenga kwa masekondi 15, ndipo ndikapeza 30 mpaka 34 ndadziwa kuti zili bwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera a mlingo woterewu, kapena 75 mpaka 150 za masewera amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Masiku anga anayi oyenda amandifikitsa pa mphindi 200.

Koma kunena zoona, sikelo inayamba kutsika bwino nditakhudza mbale. Sindinachite zodzizunza. Zoziziritsa kukhosi za tsiku ndi tsiku ndinasiya, shuga wa mu tiyi ndinachoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi, nsima ya usiku mitanda iwiri m'malo mwa itatu, ndiwo zamasamba ndi nyemba kapena usipa zochulukirapo kuti ndikhute. Tinakambirananso za mafuta ophikira, chifukwa supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo kwathu ankangothira kuchokera m'botolo osayeza. Chipisi cha pachiwaya chinatsala cha Lachisanu lokha. Zimenezi pamodzi zimachotsa makalori ochuluka kuposa maulendo khumi a pabwalo aja, ndipo sizithyola mwendo wa munthu.

Liwiro sindinalisiyiretu. Patatha miyezi itatu ndikuyenda popanda vuto, a fiziyo anandilola kulibwezera, koma mwa njira ina. Kufupi ndi kwathu kuli kamsewu kokwera chitunda. Ndimayamba ndi kuyenda mphindi khumi, kenako kukwera chitundacho mwamphamvu kwa mphindi imodzi, kutsika choyenda kwa mphindi ziwiri, poyamba maulendo anayi, pano asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Pachitunda mtima umakwera msanga koma phazi silitera mwamphamvu ngati pothamanga pamalo osalala, chifukwa liwiro limakhala lochepa ndipo nthaka imakumana nawe msanga. Potsika sindithamanga, kumeneko n'kumene mawondo amalira. Pokwera, mlingo wake ndi woti ndingathe kunena mawu awiri kapena atatu okha, osati woti ndigwe pansi. Pakhosi paja ndimapeza 39 mpaka 43 pa masekondi 15. Ngati ulendo womaliza sindikutha kufika pomwe ndinafika pa woyamba, ndiye kuti ndinayamba mwaukali kwambiri, sabata yotsatira ndimachepetsa.

Ndimachita zimenezi kamodzi pa sabata, Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo sabata ikakhala yopanikiza moti kuyenda kwakanika, ndimaonjezera tsiku lachiwiri, koma pakati pamadutsa maola 48 kapena kuposa. Apa m'pamene liwiro limandithandizadi, pa sabata yomwe ola silikupezeka. Phindu lake lalikulu ndimaliona pa mpweya, osati pa sikelo.

Pa nkhani yochira, chida changa chachikulu ndi kugunda kwa mtima m'mawa ndisanadzuke pabedi. Ndimawerenga kwa mphindi yathunthu. Masiku abwino ndimapeza 64 mpaka 66. Ndikapeza kuti kwakwera ndi 7 kapena 10 kwa masiku awiri otsatizana, kapena ndagona maola ochepa, kapena ndili ndi chimfine, chitunda chimadikira ndipo ndimangoyenda. Ndinaphunziranso kusiyanitsa zowawa. Kuwawa kwa minofu komwe kumabwera tsiku lotsatira, n'kufika pachimake pa tsiku lachiwiri, mbali zonse ziwiri mofanana, n'kumachepa ukayamba kuyenda, n'kwachibadwa. Koma kuwawa kwa mbali imodzi, pafupa kapena pamfundo, komwe kumakula ukamapitiriza, kapena kuuma kwa mtsempha wa kuchidendene pa masitepe oyamba m'mawa, kumafuna kuti uchepetse lero lomwe, osati sabata yamawa.

Pali zina zomwe si za kudikira n'komwe. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire chofuna kukomoka, kapena mtima kugunda mosalongosoka pochita masewera, imani ndipo pitani kuchipatala. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera amphamvu, minofu itatupa ndi kuwawa kwambiri, n'kutheka kuti minofu yaphwanyika mkati ndipo impso zili pa ngozi, zimenezo n'zothamangira tsiku lomwelo. Ndipo munthu amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mtima, ayambe waonana ndi dokotala asanayese za liwiro. Ine ndinadumpha sitepe imeneyi ngakhale namwino uja ananena momveka, ndipo dokotala wa mwendo uja atamva anandikalipira kuposa mmene anachitira pa nkhani ya fupa.

Kuchokera pa makilogalamu 95 a pa Khirisimasi, zinanditengera miyezi pafupifupi isanu ndi itatu kufika pa 86. Sizinatsike molunjika. Panali mwezi wathunthu womwe sikelo sinasunthe, koma tepi ya pamchombo inkaonetsa kuchepa, choncho ndimayeza zonse ziwiri kamodzi pa sabata, m'mawa ndisanadye. Pano pamchombo ndi masentimita 96, ndipo kuchipatala anapeza 132/84, n'kunena kuti ndizibwerabe kudzayezetsa. Popeza thupi lapepuka, makilomita asanu omwe aja tsopano amawotcha makalori pafupifupi 300 m'malo mwa 330, n'chifukwa chake kutsika kwayamba kuchedwa. Makilogalamu anayi kapena asanu omwe ndikufunabe kuchotsa ndikuwayembekezera chaka chamawa, ndipo ndaonjezera kilomita imodzi pa ulendo wa Lachiwiri ndi Lachinayi m'malo moonjezera maulendo a pachitunda.